Mzere wa m'mphepete womwe unakanitsa mwana wanga viza

Abale anga a ku Nkhotakota, makamaka inu amene munakwatira kapena kubereka ana kutsidya kwa nyanja, ndimvereni bwino. Ine ndikugwira ntchito ya unamwino kuno ku Mangalande, ndipo ndinataya miyezi isanu komanso ndalama zambiri chifukwa cha mizere inayi yolembedwa pamanja m'mphepete mwa pepala lobadwira la mwana wanga.

Mwanayo anabadwira ku Lichinga, kwawo kwa mayi ake, ine ndili pasukulu. Pomulembetsa ine kunalibe, choncho pamalo pa dzina la bambo panasiyidwa popanda kanthu, ndipo mwana analembedwa ndi dzina la kwa amake lokha. Patapita zaka ziwiri ndinakaonekera ndekha ku ofesi ya kalembera n'kuvomereza kuti mwanayo ndi wanga. Chimene sindinkachimvetsa panthawiyo n'chakuti ku Mozambiki zoyamba kulembedwa m'kaundula sazifufuta. Zosintha zonse amaziwonjezera m'mphepete kapena kumapeto, pansi pa mawu akuti "Averbamentos", chilichonse ndi nambala yake, tsiku lake ndi siginecha ya wolemba. Dzina langa monga bambo, pamodzi ndi dzina latsopano la mwana, zinali pamenepo basi. Pakati pa pepala panalibe ine.

Nthawi yopempha viza itakwana, pepala la Chipwitikizi limayenera kumasuliridwa m'Chingerezi. Mlamu wanga anapeza munthu wina paboma pompo, wa maofesi aja olemba makalata ndi kujambula mapepala. Anati K60,000, masiku atatu. Tsiku lokatenga anati chidindo cha ofesi yake ndi K20,000 yapadera. Mlamu atadandaula kuti sabata yatha, anati kufulumizitsa ndi K25,000 ina. K105,000 yonse, pa tsamba limodzi! Ndinalipira, chifukwa ukakhala kutali umaopa kukangana ndi munthu amene wasunga mapepala ako. Pepala lake linali looneka bwino ndithu, lotayipidwa mwaudongo, chidindo chofiira pansi. Ndinaliona pafoni n'kunena kuti tumizani. Apa ndinalakwa ndine. Sindinaliyerekeze ndi lenilenilo.

Mayi a mwana viza anapatsidwa. Mwana anakanidwa. Kalata inati palibe umboni woti mwanayo ndi wanga, ndiponso dzina la pa pepala lobadwira silikufanana ndi la mu pasipoti. Ndinapsa mtima usiku wonse, koma nditakhala pansi n'kuika mapepala awiriwo pambalipambali, ndinaona kuti wolemba kalatayo sananame. Iye amawerenga Chingerezi chimene tinamupatsa, ndipo Chingerezicho chinkanena za mwana wopanda bambo, wa dzina lina. Womasulira wathu anatenga zotayipidwa zapakati zokha. Zolemba pamanja za m'mphepete anazilumpha zonse, zidindo zitatu sanazitchule n'komwe, ndipo kuseri kwa pepala sanakuyang'ane. Mlamu atamubwerera, anayankha kuti zimenezo n'zolemba za m'maofesi chabe, azungu sazifuna. Ndalama sanabweze. Ndalama ya viza nayonso ikakanidwa sibwerera, ndipo satifiketi ya chifuwa chachikulu, yomwe imagwira ntchito miyezi isanu ndi umodzi yokha, inatha mphamvu tili mkati modikira. Kunali kuyambiranso ulendo wa ku Lilongwe.

Amene anatipulumutsa ndi mayi wina wachikulire amene anaphunzitsapo Chipwitikizi kwa zaka zambiri. Asananene mtengo anafunsa kuti, "Pepala lenilenilo lili kuti? Chithunzi cha pafoni ayi, ndikufuna ndiligwire." Ataligwira analitembenuza, n'kuliyang'ana mopendeketsa padzuwa. Anationetsa chidindo chomwe ife tonse tinali tisanachione, chopanda inki, chongotinditsa pepala kuti litukuke. Pa fotokope chidindo chotere chimazimiririka. Anawerenga zidindo zonse n'kupeza zinayi, kenako anati K80,000, zonse zili momwemo. Sanawonjezere tambala.

Mmene anagwirira ntchitoyo ndi mmene ndinadziwira chimene ndinayenera kufuna poyamba paja. Anatsata pepala kuyambira pamwamba mpaka pansi, kutsogolo ndi kuseri, chinthu chilichonse pamalo ake. Pamene pali chidindo analemba kuti apa pali chidindo chozungulira, n'kumasulira mawu ake onse, dzina la ofesi ndi tsiku. Pamene pali siginecha sanayerekeze kuiwerenga, anangolemba kuti apa pasainidwa. Za m'mphepete anazilemba ndi nambala yake, n'kunena kuti zinalembedwa pamanja kumanzere kwa tsamba. Maina sanawakhudze. Dzina la agogo a mwana analisiya m'kalembedwe ka Chipwitikizi, ndi timizere take ta pamwamba pa zilembo, pomwe woyamba uja analisandutsa dzina lachingerezi ngati akuwabatiza.

Panali mawu awiri pamene inki inafalikira. Ine pafoni ndinawauza kuti ndikudziwa chimene chinalembedwa pamenepo, alembe basi. Anakana. Anati, "Bambo, ine ndimasainira zimene maso anga aona. Zimene mukuzidziwa inu sizili papepala." Analemba kuti mawu awiri apa sakuwerengeka. Ndinkaopa kuti zimenezi zitikanitsanso, koma sizinatero, chifukwa maina ndi masiku zinkaoneka bwino. Anandichenjeza kuti chikhala kuti losawerengekalo ndi dzina kapena tsiku lobadwa, akanatibweza kuti tikatenge kope ina yatsopano ku ofesi ya kalembera ku Lichinga, osati kulota.

Pa manambala anatenga nthawi yaitali kuposa pena paliponse. Alembi akumeneko amalemba 1 wokhala ndi mchira wautali kutsogolo, wofanana ndi 7 wathu, pomwe 7 wawo amamudula ndi kamzere pakati. Womasulira woyamba anawerenga 11 ngati 17 pa tsiku lolembetsa. Mayiwa anatsimikiza poyerekeza ndi pamene tsikulo linalembedwa m'mawu. Pomaliza anaikapo zinthu zinayi zimene a kuno amafuna pa pepala lomasuliridwa: mawu otsimikiza kuti kumasuliraku n'kolondola, tsiku, dzina lawo lonse ndi siginecha, komanso adiresi ndi nambala yowapezera. Pa pepala la K105,000 lija panali chidindo chofiira koma panalibe dzina la munthu.

Tsono inu amene mukulota ndege, mwagulitsa kale ngalawa kapena munda wa mpunga, lekani kuthamangira sutikesi. Simufunika kudziwa Chipwitikizi kuti mugwire womasulira waulesi. Ikani mapepala awiriwo patebulo. Werengani zidindo pa lenilenilo, muwerengenso pamene zatchulidwa pa lomasuliridwalo. Zikasiyana, musalandire. Lozani ndi chala cholemba pamanja chilichonse mumufunse kuti ichi chili pati m'Chingerezimu. Dzina la mwana ndi lanu muziyerekeze ndi pasipoti chilembo ndi chilembo. Mtengo mugwirizane wonse pepala lisanachoke m'manja mwanu, ndipo lenilenilo musamusiyire agone nalo. Akakuuzani kuti za m'mphepete zilibe ntchito, nyamulani pepala lanu muzipita, ngakhale atakhala wa mpingo wanu.

Tinapemphanso ndi pepala lachiwirilo ndipo viza ya mwana inatuluka. Mayi ake anakana kumusiya kwa agogo, choncho onse awiri anakhala ku Nkhotakota miyezi isanu ija, ine ndikulipira nyumba ya zipinda ziwiri kuno ndili ndekha.