Matumba 160 m'chipinda cha mamita 5 ndi 4: momwe masamu aja anayendera kufika Febuluwale

"Achimwene, mawerengedwe a matumba munatipatsa nthawi yokolola aja anagwiradi? Changa chipinda ndi chofanana ndi chanu, koma wina akuti mulowa matumba 600."

Anagwira, achimwene, ndipo chaka chino ndiwerenganso momwemo. Chimanga ndinasanja mu Juni, ndipo pofika Febuluwale uno mulu sunagwe. Koma pali zingapo zimene pepala silinanene, zomwe zaoneka pang'onopang'ono miyezi ikupita.

Za 600 zija ndikudziwa kumene zachokera. Chipinda cha mamita 5 mulitali, 4 mulifupi ndi 3 kupita m'mwamba chili ndi malo okwana makiyubiki mita 60. Tani imodzi ya chimanga cha m'matumba, omwe ndi matumba 20, imadya pafupifupi makiyubiki mita 1.8, choncho ukagawa umapezadi matumba opitirira 600. Masamuwo ndi olondola, koma akuwerenga chipinda chodzaza kuyambira pasimenti mpaka kumalata, chitseko chosatseguka, munthu wopanda poponda. Palibe amasunga chimanga motero.

Ine ndinayambira pa thumba lenilenilo. Ndinagoneka pansi thumba la makilogalamu 50 losoka bwino kukamwa n'kuliyeza ndi tepi: masentimita 80 mulitali, 50 mulifupi, 22 kukhuthala. Yezani lanu, chifukwa matumba amasiyana, ndipo ena otchedwa a 50 amakhala atashindiridwa mpaka kupitirira.

Kenako ndinachotsa mipata. M'nyumba zikuluzikulu zosungira mbewu amasiya mita yathunthu pakati pa mulu ndi khoma. M'kachipinda ngati kathu mita mbali zonse ingadye malo onse, ndiye ndinasiya masentimita 60 kumakoma atatu, poti munthu adutse ndi tsache, ndi mita imodzi kumbali ya chitseko, chomwe chili pa khoma la mamita 4. Pansi panatsala mamita 3.4 ndi 2.8.

Apa ndiye pamene ambiri amaterereka. Amachulukitsa 3.4 ndi 2.8, n'kugawa ndi malo a thumba limodzi, n'kupeza matumba 23 kapena 24 pa mzere uliwonse. Koma matumba sasanjidwa onse kuloza kumodzi, amalukidwa ngati njerwa pakhoma kuti mzere wapamwamba umange wapansi. Ine ndimasanja asanuasanu: atatu ogona moyandikana, awiri opingasa kumutu kwawo, ndipo pa mzere wotsatira ndimatembenuza. Gulu la asanu lotere limatenga mamita 1.6 ndi 1.3. Pa 3.4 pamalowa magulu awiri, pa 2.8 pamalowanso awiri, ndiye magulu anayi, matumba 20 pa mzere. Masentimita 20 otsala uku ndi uku salowa thumba, ndipo mumva kutsogoloku kuti anagwira ntchito yanji.

Kupita m'mwamba, pa mamita 3 ndinachotsa mita imodzi ya pansi pa denga ndi masentimita 15 a mapaleti. Panatsala 1.85, ndipo ukagawa ndi 0.22 umapeza mizere 8 ndi kachidutswa kosawerengeka.

```
20 x 8 = 160
160 x 50 kg = 8,000 kg
```

Matumba 160, matani 8. Ndi omwewo amene analowa.

Chimene chasintha kwambiri pa miyeziyi ndi maonekedwe a thumba. Malo amodzi akunyamula matumba 8, makilogalamu 400, ndiye kuti pafupifupi tani imodzi pa sikweya mita iliyonse. Matumba apansi anaphwatalala, anachepa kukhuthala n'kufutukuka m'mbali. Pofika Okutobala mulu unali utatsika pafupifupi chikhatho chimodzi, ndipo m'munsi unali utatulukira kunja kwa mapaleti. Mzere wa choko umene ndinalemba pasimenti posanja unali utabisika. Masentimita 20 otsala aja ndi amene anameza kufutukukaku. Ndikanakhala kuti ndinapanikiza matumba 24, bwenzi mpata wa kukhoma utatsala woti kudutsa cham'mbali mimba itabwezedwa.

Mulu ukatsika chonchi, mtima umakuuza kuti pamwamba patseguka, onjezera mzere wachisanu ndi chinayi. Ine sindinatero. Matumba a pulasitiki olukawa ndi oterera, sagwirana ngati ziguduli zakale zija, ndipo munthu wosanja ndi manja, wopanda makwerero, akafika pa mamita awiri amangoponya thumba m'malo moliyala. Thumba loponya ndi limene limayambitsa kupendekeka. Mita ya pansi pa denga ija nayonso si yongotaya. Mu Okutobala malata amatentha moti chimanga cha pamwamba chimafunda ukapisamo dzanja, ndipo mvula itayamba, m'mawa wina malata ankadontha thukuta. Mulu wofika pafupi ndi matabwa a denga umapatsanso makoswe njira yotsikira.

Mpata wa masentimita 60 ndiupatsa mamalikisi apakati. Kusesa kumatheka, ndipo ndi mmene ndinaonera msanga ufa woyera pansi pa matumba a kukona ya kumbuyo, chizindikiro chakuti anankafumbwe ayamba. Koma kusolola thumba kumbuyoko n'kulitembenuza mumpata wotere ndi ntchito yotopetsa, thumbalo pokhala la masentimita 80. Amene chipinda chake n'chachikulupo asiye 80 kapena mita. Apa wina adzati, bwanji osangotsamiritsa kukhoma mbali imodzi? Khoma la njerwa limatuluka chinyezi nthawi ya dzinja, matumba okhudza khoma amachita nkhungu, ndipo umadziwa tsiku lophwasula mulu.

Pamene mawerengedwewa amalephera ndi pamene chimanga sichili cha mtundu umodzi. Matumba 160 aja ndi a mulu umodzi, wolowa nthawi imodzi. Ngati mukufuna kupatula chanu ndi chogula, kapena chakale ndi chatsopano kuti chakale chiyambe kutuluka, pakati pafunika kanjira ka masentimita 60. Pa 3.4 patsala 2.8, mulu uliwonse mamita 1.4. Pamenepo pamalowa gulu la asanu ndi gulu la atatu, matumba 8 pa mzere, miyulu iwiri 16. Komanso mulu wopyapyala wa mamita 1.3 sindingaukweze mizere 8, chifukwa ine sindilola mulu kutalika kwambiri kuposa mulifupi mwake. Mizere 6 basi. Chipinda chomwecho chatsika kufika pa matumba 96.

Matumba omanga kukamwa ndi chingwe nawonso amasokoneza. Amakhala afupi, onenepa pakati, osongoka kumutu, ndipo mzere wake sukhala wosalala. Ochepa amene ndinali nawo ndinawaika mzere wapamwamba, kukamwa kuloza mkati mwa mulu. Matumba a PICS, aja osalowa mpweya, amamangidwanso chimodzimodzi ndipo pulasitiki wake wamkati akabooka ntchito yake yatha, choncho musawawerengere pa miyezo yanga. Dzazani limodzi, muligoneke, muyeze, ndipo muchepetse mizere.

Ndiye achimwene, ngati chipinda chanu chilidi 5 ndi 4 kuyeza mkati, osati kunja kwa makoma, ndipo chitseko chimatsegukira kunja kapena chili ndi mita yake, konzekerani matumba 160 pa mulu umodzi, kapena cha m'ma 100 pa miyulu iwiri. Onetsetsaninso mapaleti anu musanasanje. Thabwa limodzi lopyapyala likathyoka pansi pa tani ija, kona yonse imatitimira, ndipo kuti mulisinthe muyenera kutsitsa mizere yonse 8.