Alamu ya ntchito ya mutu: 4:30 m'mamawa, 9 koloko, masana kapena usiku?

Ndimasunga mabuku a kagulu ka alimi ang'onoang'ono a tiyi kuno ku Mulanje, chakufupi ndi Chitakale. Zambiri zimene ndimachita n'zopepuka, monga kuyankha foni ndi kulemba makalata a misonkhano. Koma ilipo ntchito imodzi yofuna mutu wonse: kufananitsa makilogalamu amene tinalemba pasikelo ndi amene ali pamasilipi ochokera kufakitale, mlimi aliyense payekhapayekha. Ukangowerenga 71 pamene pali 17, kapena kudumpha mzere umodzi, mayi wina alandira ndalama zoperewera, ndipo mawa lake uwapeza atakhala pakhonde panu dzuwa lisanatuluke.

Ntchito yotere sifuna kuigwira modukizadukiza. Imafuna ola limodzi ndi theka uli phee, foni ili kutali. Ndinatchera alamu pafoni kuti izindikumbutsa, koma kwa miyezi ingapo ndinkangodina Snooze mpaka alamuyo kutopa yokha. Ndinkadziyesa waulesi. Kenako ndinazindikira kuti nthawi ya alamuyo ndinaisankha potengera zonena za anthu, osati poona mmene thupi langa limayendera. Ndiye ndinayesa nthawi zinayi, iliyonse masiku atatu, kuti ndione yondiyenera.

Kayesedwe kake kanali kotere. Ndinatenga mabuku a mwezi wapitawo, amene msungichuma anali atawatsimikizira kale, kotero kuti yankho lolondola linali lodziwika. Alamu ikalira, ndinkayamba ndalemba m'kope mmene ndikumvera m'thupi, kuyambira 1 (maso akulemera) mpaka 5 (mutu uli ngwee). Kenako ndinkafananitsa mizere kwa mphindi 30, n'kuwerenga mizere imene ndamaliza ndi imene ndalakwitsa. Pambali ndinkalembanso nthawi imene ndinagona, makapu a tiyi amene ndamwa, ndi anthu angati andidula pakati. Usiku wina ndinachezera kumaliro, ndiye tsiku lotsatiralo sindinaliwerengere, chifukwa munthu wosagona amalephera nthawi ina iliyonse.

Ndiyambe ndi 4:30 m'mamawa, poti ndi imene anthu amaitamanda kwambiri. Ubwino wake sungaukane. Ana ali mtulo, palibe wogogoda, foni ili zii. Pa masiku atatu onsewo palibe ngakhale mmodzi anandidula. Koma kope linaulula zina: mizere pafupifupi 22 pa mphindi 30, zolakwika zitatu. Ndinkawerenga nambala, n'kuyang'ana kumbali ina ya tebulo, nambala ija yathawa. Izi sikuti n'zanga ndekha. Munthu akangodzuka, bongo umatenga kanthawi kuti ubwerere m'malo mwake, nthawi zambiri mphindi 15 mpaka 30, ndipo zimapitirira apo ngati wadzutsidwa tulo tili pakati. Komanso cha m'ma 4 koloko thupi limakhala lidakali pansi kwambiri pa kayendedwe kake ka tsiku, kutentha kwa m'thupi kuli kotsika. Kulakwa kwanga kunali kuika alamu yodzukira ndi alamu ya ntchito pa mphindi imodzi. Tsiku lachitatu, nditamaliza mphindi 30 zija, ndinasamba, n'kuyesanso cha m'ma 5:30. Ndinamaliza mizere 30, cholakwika chimodzi. Ndiye vuto silinali m'mamawa wonse, linali theka la ola loyamba.

Palinso mtengo wina wobisika. Munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera 7. Wodzuka 4:30 ayenera kukhala atagona pofika 9:30 usiku, ndipo pakhomo panga nthawi imeneyo mbale zimakhala zisanatsukidwe. Ngongole ya tuloyo ndinkailipira masana. Nanga mu Juni ndi Julayi, chiperoni chitakuta phiri, zala zitauma ndi chisanu? Bulangete limapambana mlandu.

2 koloko masana sinditayapo nthawi. Mizere 25, zolakwika zitatu, kuyasamula kosawerengeka. Ndinkaganiza kuti ndi nsima, ndiye tsiku lina ndinangodya nthochi ziwiri. Zinachepako pang'ono koma kufooka kunabwerabe. Thupi limatsika lokha pakati pa 1 koloko ndi 3 koloko, kaya wadya kapena ayi, nsima yambiri imangowonjezera. Nthawi imeneyi ndi ya mafoni, kusanja masilipi ndi kupita kukasindikizitsa mapepala.

Imene inandipusitsa zedi ndi ya usiku, 8:30. Mukanandifunsa ndisanayese, ndikanalumbira kuti imeneyi ndiye nthawi yanga. M'kope, masiku onse atatu ndinadzipatsa 5. Manja ankathamanga, ndipo ndinamaliza mizere 36, kuposa nthawi ina iliyonse. Nditafananitsa ndi mabuku a msungichuma ndinachita manyazi: zolakwika zinayi, tsiku lina zisanu, zambiri mwa izo zotembenuza manambala. Patatsala maola awiri kapena atatu kuti munthu akagone, thupi limakhala ngati likukana tulo, ndiye umamva ngati wapeza mphamvu zatsopano. Koma kutopa kwa tsiku lonse kumakhala kulipobe, kwangobisala. Ine ndinkawonjezapo kapu ya tiyi wowirira cha m'ma 7 koloko. Kafini wa mu tiyi amatenga maola pafupifupi asanu kuti theka lake lichoke m'thupi, choncho pakati pa usiku ndinkakhala ndidakali kutembenuka pabedi, mawa lake n'kudzuka wolemera. Onjezanipo magetsi akazima, ukuwerenga silipi yolembedwa ndi kaboni wofooka pa kuwala kwa tochi ya foni.

Apa m'pamene ndinaphunzira kuti kumva mphamvu ndi kugwira ntchito molondola n'zosiyana. Ndikanangotsata manambala a 1 mpaka 5 aja, ndikanasankha usiku, ndipo alimi akanapitiriza kundipeza pakhonde. Ngati mukufuna kudziyesa, musalembe kamvedwe ka m'thupi kokha. Pezani chinthu chowerengeka pa ntchito yanuyo. Wophunzira angawerenge masamu amene wakhoza pa masamu khumi, telala angawerenge misoko imene wasula.

Komatu usiku si woipa kwa aliyense. Alamu anga, osati ya pafoni ija koma achimwene awo a mayi a kunyumba, ndi aphunzitsi kusekondale ina ku Luchenza. Nditawafotokozera zimenezi anaseka.

"Alamu, inu mwabadwa ngati tambala. Ine m'mawa ndimaphunzitsa ndi thupi lokha, mutu umabwera cha m'ma 10. Mayeso onse ndimakonza usiku."

Ndinawafunsa kuti patchuthi, popanda chowadzutsa, amadzuka nthawi yanji. Anati cha m'ma 8 koloko. Ine ngakhale Lamulungu, popanda alamu, 5:30 ndimakhala ndili maso. Kusiyana kumeneku n'kwenikweni: ena wotchi ya m'thupi mwawo imafulumira, ena imachedwa, ndipo achinyamata ambiri imawachedwera kuposa achikulire. Nthawi imene mumadzuka nokha patsiku lopuma, mutagona mokwanira masiku angapo, ndi chizindikiro chabwino cha mbali imene muli. Kwa iwo alamu ya 7:30 madzulo ingagwire ntchito, bola tiyi womaliza akhale wa masana. Sindinawayese ndi kope ayi, ndiye mawu awowo ndangowalandira mwaulemu.

Tsopano 9 koloko m'mawa. M'thupi sindinkamva chodabwitsa, ndinkadzipatsa 4, tsiku lina 3. Koma mizere inali 34, ndipo pa masiku atatu onse pamodzi ndinalakwitsa kamodzi kokha. Nthawi imeneyo ndimakhala nditadzuka maola oposa atatu apitawo, ndayenda padzuwa, ndadya mbatata ndi tiyi. Chimene ndinaona n'chakuti silipi yokayikitsa ndinkaizindikira msanga. Panali mlimi wina amene sikelo yathu inkaonetsa makilogalamu 148 pa sabata, koma masilipi akuti 184. Usiku ndinadutsapo osaona kanthu. M'mawa maso anangoima pomwepo okha.

Kuipa kwa 9 koloko n'kwakuti si yanga ndekha. Ndi nthawi imene wapampando amaimba foni, wina akubwera kudzafunsa za feteleza, mwana wa aneba watumidwa kudzabwereka chaja. Tsiku loyamba anandidula kanayi pa mphindi 30, ndipo ndinkachita kuimitsa wotchi. Ukadulidwa pakati pa mzere sumabwerera pomwe unali, umayambanso tsamba lonse. Choncho pa mphamvu, 9 koloko ikupambana 4:30 kutalitali, koma pa bata 4:30 ndiye mfumu. Funso linasanduka lakuti, chapafupi n'chiyani, kubweretsa mphamvu m'mamawa kapena kubweretsa bata pa 9 koloko? Kwa ine chachiwiri chinali chotheka. Ndinapempha wapampando pamsonkhano kuti, "Bambo, mundilole kuyambira 8:30 mpaka 10 koloko ndizikhala wosapezeka, zikatero malipiro sazichedwa." Atamva za malipiro anavomera msanga. Foni ndimaiika pa Do Not Disturb n'kuiponya m'dirowa, ndipo ndimakhala kuchipinda chakuseri, osati pakhonde pamene wodutsa aliyense amapereka moni.

Alamu yeniyeniyo sindinaiike pa 9 koloko. Nditayang'ana manambala a m'thupi amene ndinkalembanso maola awiri alionse, ndinaona kuti ndimayamba kukwera cha m'ma 8:30 ndipo pofika 11 koloko ndayamba kutsika. Alamu yolira pamene uli kale pamwamba imakudyera nthawi yabwino, chifukwa mphindi khumi zoyamba zimathera kufunafuna cholembera ndi masilipi. Ndiye imalira 8:15, ndipo dzina limene ndinaipatsa si lakuti "ntchito" chabe, koma "tulutsa masilipi, bisa foni". Pofika 8:30 ndakhala pansi. Ngati mwasankha nthawi koma mukupezeka mukudina Snooze katatu pa sabata, musaonjeze alamu yachiwiri. Yang'anani chimene mumakhala mukuchita ikamalira. Mukakhala kuti mwatopa, nthawiyo njolakwika. Mukakhala kuti muli pakati pa ntchito ina, isuntheni pang'ono chabe kuti izilira ntchito inayo itatha.

M'mamawa sindinautayiretu. Nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, tiyi amaphuka kwambiri, ndipo masiku ena m'mawa wonse ndimathera kusikelo. Masiku amenewo ndimadzuka 4:45, alamu ya ntchito n'kulira 5:15 nditasamba kale, ndipo usiku wake ndimayesetsa kugona 9:30 isanakwane, tiyi wamadzulo osamwa. Sindichita zimenezi kuposa kawiri pa sabata, chifukwa tsiku lachitatu zolakwika zimabwerera.

Kuyesa konseku ndinakuchita mu Meyi, kunja kukuzizira bwino. Chipinda chakuseri chija n'cha malata opanda siling'i, ndipo mu Okutobala pofika 9:30 chimakhala ngati uvuni. Kope lija ndalisunga m'dirowa limodzi ndi masilipi akale, kuti mwezi umenewo ukafika ndidzayese 7 koloko ndi 8:15, masiku atatuatatu.