Foni yojambula usiku: musanamizidwe ndi mamegapikiseli

Abale anga kumudzi, ambiri mukamandipempha foni mumati ikhale ya mamegapikiseli 50 kapena 108 kuti izijambula bwino usiku. Kuno ku Manchester ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe za Amalawi anzathu, ndipo mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, choncho ntchito yanga yambiri ndimaigwira mumdima. Nambala ija si imene imaunikira chithunzi.

Kuseri kwa lenzi kuli kachipangizo kolandira kuwala, sensa. Kuwala kumagwera pa sensa ngati mvula, ndipo wotchera beseni amapeza madzi ambiri kuposa wotchera kapu ngakhale mvula ndi yomweyo. Sensa ya kamera yanga yogwirira ntchito ndi ya mamilimita 36 mulitali ndi 24 mulifupi. Ya mafoni ambiri wamba siyifika mamilimita 7 mulitali ndi 5 mulifupi, kutanthauza kuti malo ake ndi ochepa nthawi zoposa 20. Mamegapikiseli amangonena kuti malo ochepawo agawidwa tizigawo tingati, sawonjezera malo. Ndiye chifukwa chake foni ya 50 imaphatikiza tizigawo tinayitinayi n'kukupatsani chithunzi cha pafupifupi 12. Kuwala kukachepa, chithunzi chimatuluka ndi timadontho ngati mchenga, makamaka m'malo akuda.

Opanga mafoni atalephera kukulitsa sensa kwambiri, anatembenukira ku nthawi. Mu 2018 Google inatulutsa Night Sight, njira yojambulira mumdima, ndipo Apple inatsatira mu 2019 pa iPhone 11. Lero ngakhale mafoni otchipa ali ndi Night. Mukadina, foni sijambula kamodzi. Imatola zithunzi zingapo motsatizana m'masekondi ochepa aja imakuuzani kuti musasunthe, kenako pulogalamu ya m'kati imazisanjikiza, kuzilunzanitsa kuti zigwirizane, n'kupanga chimodzi.

Nzeru yake ndi yokoma zedi. Nkhope ya munthu imakhala pamalo pomwepo m'zithunzi zonse, koma timadontho tija timagwa mwachisawawa, pano apa, kenako apo. Zikaphatikizidwa, nkhope imalimba, timadontho timafafanizana. Zithunzi zinayi zimachepetsa mchengawo ndi theka, ndipo kuti uchepenso ndi theka lina pamafunika 16. Mukuona kuti phindu limanka lichepa. Apa mpamene kukula kwa sensa kumabwereranso: sensa yaikulu imapereka zithunzi zoyera kale, zosavuta kulunzanitsa, ndipo zochepa zimakwanira. Yaing'ono imapatsa pulogalamu mchenga wokhawokha, pulogalamuyo n'kuyamba kusalaza mwamphamvu. Mudzazindikira poona khungu losalala ngati lopakidwa phula, tsitsi lomatana, ndi maluwa a pachitenje atasungunuka.

Vuto lalikulu, limene limandiwawa kwambiri pa ntchito yanga, ndi kuyenda. Pa chinkhoswe china muholo ya magetsi ofooka, mlongo wa mkwatibwi anajambula ndi Night pa nthawi ya perekaniperekani. Makoma, matebulo ndi keke zinatuluka bwino kwambiri. Koma amayi ovina analibe nkhope, manja anaoneka awiriawiri, ndalama zoponyedwa zinangokhala mizere. Foni sinalakwitse. Kuti muimitse wovina pamafunika kutsekula kamera kwa kanthawi kosapitirira gawo limodzi mwa magawo 250 a sekondi, ndipo m'kanthawi kotero sensa yaing'ono siitola kuwala kokwanira. Kamera yanga inakwanitsa chifukwa cha malo ake aakulu ndi lenzi yotseguka kwambiri. Pulogalamu singabweze nkhope imene sinakhale malo amodzi.

Tsono magetsi akazima kwanuko ndipo mukufuna kujambula agogo pakhonde, akhazikeni pansi, nyali ya sola kapena tochi muiyike chapambali kutsogolo kwawo, osati kumbuyo. Pukutani lenzi, chifukwa mafuta a zala amasandutsa nyali iliyonse kukhala chifunga. Tsamiritsani foni pampando kapena pazenera. Mafoni ambiri akazindikira kuti sakugwedera amatalikitsa okha nthawi yotolera kuwala. Dinani pankhope, muwauze asasunthe mpaka foni itamaliza.

Khalani pa 1x, kamera yaikulu ya foniyo, osakokera chithunzi pafupi. Kamera ya 0.5x nthawi zambiri imakhala ndi sensa yocheperapo, ndipo pa mafoni opanda lenzi yokokera, 2x imangodula pakati pa sensa, n'kutsala ndi gawo limodzi mwa anayi a malo aja. Sunthani miyendo, yandikirani.

Ngati ndi gule kapena kwaya yovina, zimitsani Night, muonjezere nyali, mujambule pamene ovina aima kaye. Ndipo mukamanditumizira dzina la foni yoti ndikuguleni, ndiuzeninso zimene mukufuna kumajambula usiku, zokhala chete kapena zovina, kuti ndidziwe ngati ndalama zipite ku sensa yaikulu.