Kafukufuku: mufunse anthu 100 kapena 400?

Tinene kuti ofunsidwawo mwawasankha mwamaere, ndipo theka ayankha kuti inde.

Mukafunsa 100, zoona zake za oyankha inde mwa anthu onse, osati ofunsidwa okha, zili pakati pa 40 ndi 60 peresenti.
Mukafunsa 400, zili pakati pa 45 ndi 55.
Malire amenewa amalondola ka 19 pa maulendo 20 alionse.

Anthu 400 amadya nthawi ndi ndalama pafupifupi kanayi, koma mpata wolakwitsa umangotsika ndi theka. Apa m'pamene thumba limadandaula.

Vuto la 100 limaonekera powagawa. Amuna 50 ndi akazi 50, gulu lililonse likhoza kuphonya ndi 14 peresenti, moti kusiyana kwawo simungakukhulupirire pokhapokha kutakhala kwakukulu zedi.

Wongofuna chithunzithunzi, 100 amukwanira. Wofuna kuyerekeza magulu ayambire pa 400, ndipo aonjezereko ena chifukwa okana kuyankha sasowa.