Maso, purofayilo ya kufakitale kapena kalarimita: chimene chinandithetsera vuto la zithunzi zotuluka zakuda

Anzanga ojambula akhala akundifunsa funso limodzimodzi: kodi ndigule kalarimita, kachipangizo koyezera mitundu ya pa monita, kapena maso angawa akukwana? Ndayesapo njira zonse zitatu zowongolera monita, ya maso, ya zakufakitale ndi ya kalarimita, ndipo ndinaziyesa chifukwa cha abamu ya chinkhoswe imene ndinaisindikiza kawiri ndi ndalama za m'thumba mwanga.

Pa monita yanga zithunzizo zinali bwinobwino. Khungu la mkwatibwi linali lowala, chitenje cha banja chofiirira mopita ku lalanje chikuonetsa duwa lililonse. Nditakatenga ku malo osindikizira, ndinapeza nkhope zonse zalowa mumdima. Ankhoswe amene anaima pansi pa mtengo wa mango ankangooneka maso ndi kolala ya shati. Ndinakangana ndi mnyamata wa pa makina, ndikumuuza kuti pulinta yawo ndi yotha. Iye anangotsegula fayilo yanga pa kompyuta yawo n'kundionetsa, ndipo mdima uja unali m'fayilomo. Monita yanga ndiyo inkandinamiza.

Monita zambiri zimachoka kusitolo zikuwala pakati pa 250 ndi 300 cd/m², chifukwa sikirini yowala imakopa wogula. Pepala lilibe nyali kumbuyo, limangobweza kuwala kwa m'chipinda. Ukamakonza chithunzi pa sikirini yowala chonchi, malo amdima amaoneka otseguka, ndiye suwakweza, mwinanso umawatsitsa. Kwa ife amene timajambula anthu a khungu lakuda, nkhope yonse imakhala kufupi ndi malo amdimawo, choncho kulakwitsa pang'ono kumadya munthu yense.

Ndisanayerekeze njirazi, ndifotokoze purofayilo, chifukwa chisokonezo chambiri chili pamenepa. Chithunzi mu kompyuta ndi manambala atatu pa kadontho kalikonse: kufiira, kubiriwira ndi buluu, kuyambira 0 mpaka 255. Koma 255, 0, 0 imangotanthauza kuti "kufiira konse kumene uli nako", ndipo sikirini iliyonse ili ndi kufiira kwakekwake. Purofayilo ndi kafayilo kothera ndi `.icc` kapena `.icm` kamene kamanena kuti manambalawo akuimira mtundu weniweni uti. Dongosololi linakhazikitsidwa ndi bungwe la ICC, limene linayamba mu 1993. Purofayilo ya chithunzi, monga sRGB ya mu 1996 kapena Adobe RGB ya mu 1998, imanena tanthauzo la manambala a m'fayilo. Ya monita imanena zimene monitayo imatulutsa ikapatsidwa nambala. Photoshop kapena Lightroom imawerenga zonse ziwiri n'kumasulira pakati pake. Mwachitsanzo, kubiriwira kwa sRGB kwa 0, 255, 0 kukapita pa sikirini imene imafika mitundu ya Adobe RGB, pulogalamu imatumiza pafupifupi 144, 255, 60 kuti diso lione mtundu womwewo. Popanda kumasulira kumeneku udzu umaoneka ngati wopakidwa penti, ndipo khungu limapsa mofiira.

Ndiye pali ntchito ziwiri zimene timazitchula ndi dzina limodzi. Yoyamba ndi kuwongola monita: kuikira kuwala kwake, mtundu wa kuyera kwake, ndi gama, kutanthauza mmene imakwerera kuchoka pakuda kufika poyera. Yachiwiri ndi kuiyeza ikawongoledwa n'kulemba purofayilo yofotokoza mmene ilili. Yoyamba imakhudza chilichonse cha pa sikirini. Yachiwiri imagwira ntchito m'mapulogalamu okhawo amene amawerenga purofayilo. Njira zitatuzi zimasiyana pa ntchito ziwirizi.

Njira ya maso ndi yaulere. Pa Windows mumalemba `dccw` ndipo pulogalamu imakuyendetsani pa gama, kuwala ndi kuyera. Pa Mac pali Display Calibrator Assistant. Imathandizako pa gama. Vuto lake n'lakuti diso limazolowera. Mukakhala kutsogolo kwa sikirini yopendekera ku buluu kwa mphindi zochepa, ubongo umayamba kuiona ngati yoyera, ndipo mukawongola masana ndi usiku mupeza mayankho awiri osiyana. Komanso siiyeza kufiira kapena kubiriwira kwa monita yanu, ndiye ntchito yachiwiri ija siichitika n'komwe. Komabe pali chinthu chimodzi cha maso chimene ndimachilemekeza: tsegulani tsamba loyera pa sikirini, gwirani pepala losindikizira lopanda kanthu pambali pake pa kuwala kumene mumaonera zithunzi, tsitsani kuwala kwa monita mpaka ziwirizi zitayandikana. Ndikanachita zimenezi zokha, abamu ija ikanatuluka kamodzi.

Njira yachiwiri ndi kudalira zakufakitale: batani la sRGB pa monita, kapena purofayilo imene mumakopera kwa opanga. Pa monita yabwino ya IPS, imene mitundu siisintha kwambiri mukaiyang'ana cham'mbali, zimenezi zimakufikitsani pafupi, ndipo ngati zithunzi zanu zimathera pa foni za makasitomala, mwina n'zokwanira. Kungoti purofayilo yokopera imafotokoza monita za mtundu umenewo mwachisawawa, osati yanuyo, ndipo nyali ya kumbuyo imasintha ikamakalamba. Monita zina zimatsekanso batani la kuwala mukasankha sRGB, kuwalako kuli pamwamba. Onani zimenezi musanagule. Ngati sikirini yanu ndi ya TN, imene mitundu imasintha mukangoweramitsa mutu, palibe njira mwa zitatuzi imene ingaipulumutse.

Yachitatu ndi kalarimita, kachipangizo kamene mumakapachika pa sikirini kuti kayeze timabokosi ta mitundu timene pulogalamu ikuonetsa. Apa ndi pamene ndinapsa kachiwiri, ndipo mpaka pano zimandiwawa.

Ndinagula yakale kwa munthu wina amene ankasiya ntchito yojambula. Inali yotchipa, ili m'bokosi lake, yooneka ngati yatsopano. Nditamaliza kuyeza, pulogalamu inandionetsa lipoti labwino kwambiri, manambala a Delta E onse pansi pa 2, zimene zimatanthauza kuti kusiyana n'kovuta kukuona ndi diso. Koma imvi ya pa sikirini inali ndi kapinki. Ndinakhulupirira lipotilo kuposa maso anga, ndipo kwa milungu itatu ndinkawonjezera kubiriwira pa zithunzi kuti ndichotse pinki amene sanali m'fayilo. Zithunzi za ana a sukulu omaliza maphunziro zinatuluka nkhope zobiriwirira ngati akudwala. Mayi wina anandibwezera envulopu yonse nati, "Achimwene, mwana wanga sali chonchi." Anali kunena zoona.

Ndinadzamvetsa pambuyo pake. Makalarimita ambiri akale ali ndi tizosefera ta mitundu topangidwa ndi utoto umene umawonongeka ndi zaka, makamaka kumalo otentha ndi achinyezi. Ena anapangidwa nthawi imene monita zinali ndi nyali za machubu, ndiye amasokonezeka ndi nyali za LED za masiku ano. Ndipo lipoti lija silikanandichenjeza, chifukwa chipangizo chimene chinalakwitsa poyeza ndi chomwecho chimene chinadziyesa mayeso. Sikelo yonama ikayeza thumba kawiri imanena nambala yomweyo. Mmene mungadziwire ndi motere: pangani chithunzi chokwera kuchoka pakuda kufika poyera, chopanda mtundu uliwonse, muchiyang'ane mutangolowa m'chipinda maso asanazolowere. Mukaona pinki kapena kubiriwira mu imvi, kapena mizere yodukaduka m'malo mokwera mosalala, purofayiloyo ndi yolakwika ngakhale lipoti litanena zotani.

Imene ndikugwiritsa ntchito tsopano ndi i1Display Pro ya X-Rite, imene inatuluka mu 2011. Kuyambira 2021 zipangizo za banja limeneli za ojambula zimagulitsidwa pa dzina la Calibrite. Tizosefera take ndi tagalasi totsekeredwa mkati, ndipo sitikalamba msanga. Mpikisano wake unali SpyderX ya Datacolor ya mu 2019, imene imayeza mofulumira ndipo anzanga angapo ndi okhutira nayo. Ine ndili mbali ya i1, sindibisa: imawerenga bwino malo amdima, ndipo ntchito yanga ili m'malo amdimawo. Pulogalamu ndimakonda DisplayCAL, yaulere, yodalira pulogalamu ina yotchedwa ArgyllCMS. Imachedwa kuposa imene imabwera ndi chipangizo, ndipo mwini wake anasiya kuitulutsa mwatsopano mu 2019, koma imakulolani kusankha chilichonse nokha.

Mmene ndimachitira ndi chonchi. Ndimayatsa monita kwa mphindi 30 kuti itenthe, ndimatseka makatani, ndimazimitsa `Night light` ndi chilichonse chosintha kuwala chokha. Ndimasankha mtundu wa nyali ya monita yanga mu pulogalamu, chifukwa kulakwitsa apa kumabweretsanso kapinki kaja. Kuyera ndimaika 6500K, gama 2.2, kuwala 110 cd/m². Tsiku loyamba kalarimita inawerenga 280, ndipo kuti ifike 110 batani la kuwala linatsika kuchoka pa 100 kufika pa 28. Sikirini inaoneka yakufa kwa masiku awiri, kenako maso anazolowera. Ngati chipinda chanu n'chamdima tsikirani ku 90 kapena 80; ngati n'chowala, 120. Amene amasindikiza kwambiri ena amasankha 5000K kuti ifanane ndi nyali yoonera mapepala, koma kwa ine imachita chikasu. Ndikamaliza ndimalemba `colorcpl` kuti nditsimikize kuti purofayilo yatsopano ndiyo yasankhidwa pa monitayo. Ndimabwereza pakatha mwezi umodzi kapena iwiri, ndipo mabatani a monita sindiwakhudzanso, chifukwa mukawasintha purofayilo ikufotokoza monita imene kulibe.

Pali mtengo wina umene ogulitsa sakuuzani: kalarimita imayeza sikirini basi. Pepala limafuna chipangizo china chodula, sipekitirofotomita. Ndiye musayembekeze kuti mukagula kalarimita pulinta iyamba kumvera. Pemphani osindikiza purofayilo ya makina ndi pepala lawo, muiike pa `View > Proof Setup > Custom` mu Photoshop, ndipo `Ctrl+Y` ikuonetsani mmene pepala lidzathere. Pa chitenje chija, lalanje wowala uja anazilala pomwepo, chifukwa inki pa pepala limenelo safika pamenepo. Akakuuzani kuti alibe purofayilo, tumizani sRGB kudzera pa `Convert to Profile`, osati `Assign Profile`, chifukwa yachiwiriyi imasintha tanthauzo la manambala osawamasulira. Ndipo purofayilo ya monita yanu musaiike pa chithunzi. Ndi ya monita yokha.

Chigamulo changa n'chakuti amene amasindikiza zithunzi za anthu n'kulandira ndalama agule kalarimita yatsopano, kapena asonkherane anayi n'kumabwerekana, poti ntchito yake ndi ya ola limodzi pa mwezi. Yakale yosadziwika zaka zake ndikuti ayi, ngakhale akupatseni ulere. Amene sangakwanitse pakadali pano asankhe sRGB pa monita, atsitse kuwala ndi pepala m'manja, ndipo asindikize chithunzi chimodzi cha 4x6 chokhala ndi nkhope pamthunzi asanatumize abamu yonse.