Chikasu cha tameriki m'mabakuli apulasitiki: soda, mandimu, jiki kapena dzuwa?

Ndinali ndi mabakuli anayi oyera omwe ndinatengeramo nkhuku yothira kale ndi tameriki popita ku chinkhoswe ku Kasungu boma. Onse anabwerako achikasu, ndiye lililonse ndinaliyesa ndi njira yakeyake.

Loyamba ndinapaka soda wophikira therere, masupuni awiri osakaniza ndi timadzi. Nthawi yomweyo chikasu chija chinasanduka chofiirira, mtima nkugunda kuti ndaononga bakuli. Ayi ndithu, ndi mmene tameriki amachitira akakumana ndi soda, phulusa kapena sopo wamtanda. Patatha ola limodzi ndinatsuka: mafuta ndi fungo zinachoka, koma mtundu unangochepako pang'ono.

Mandimu ndiwo anandigwiritsa mwala. Amangobwezera kufiira kuja ku chikasu chowala, basi. Viniga nayenso chimodzimodzi.

Jiki sachedwa. Supuni imodzi yaikulu mu lita imodzi ya madzi ozizira, kuviika theka la ola, bakuli linayera. Komatu linafuna kutsukuluza kangapo fungo lisanathe, ndipo lomwe lili ndi maluwa openta lingathe kusuluka. Musayerekeze kuthiramo viniga kapena mandimu kuti mphamvu ichuluke, chifukwa zimatulutsa mpweya wa kolorini wopweteka m'mapapo.

Lachinayi ndinangolitsuka ndi sopo wa mbale nkuliika pathandala chagada, chivindikiro pambali, kuti dzuwa liziomba mkati. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo dzuwa lake kuno mukulidziwa. Pofika madzulo chikasu chinatsala m'makona mokha, momwe munali mthunzi. Mawa lake ndinalipendeketsa potsamiritsa pa poto, ndipo linayera kufanana ndi la jiki lija. Chomwe chimapatsa tameriki mtundu chimaphwanyika ndi kuwala, nchifukwa chake kulivundikira, monga timachitira ndi mbale zina pathandala, sikuthandiza. Chofunika si kutentha ayi. Ingokumbukirani kulichotsa likayera, poti pulasitiki yokhalitsa padzuwa imauma nkuyamba kuthetheka.

Madzi okha amalephera chifukwa mtunduwu susungunuka bwino m'madzi, koma m'mafuta. Pulasitiki nayo imakonda mafuta, makamaka ndiwo zikathiridwa zili zotentha. Choncho bakuli likangothimbirira kumene, ndimalipukuta kaye ndi kansalu konyowetsa mafuta ophikira, nsalu nkutuluka yachikasu, kenako sopo, kenako dzuwa. Jiki ndimamusungira tsiku la mvula kapena pamene bakuli likufunika madzulo omwewo.

Mchenga ndi sitiliwulu zokhazo ndiye ayi. Mlamu wanga anakwecha lake mpaka mkati munachita mizeremizere, ndipo tsopano ngakhale supu wa tomato amakhalira m'mizeremo. Litafika pamenepo analisandutsa losungiramo mchere.