Kusindikiza pepala la sayansi: kudzera kwa oweruza kapena kuliponya pa arXiv

Wofufuza akatumiza pepala ku magazini ya sayansi, mkonzi amalipereka kwa akatswiri awiri kapena atatu osatchulidwa maina. Iwo amaona ngati njira yofufuzira inali yoyenera komanso ngati ziwerengero zikugwirizana ndi zomwe wolembayo akunena, kenako amalangiza mkonziyo kuti alivomere, alibweze kuti likonzedwe, kapena alikane. Zimatenga miyezi. Komabe oweruzawo sabwereza kafukufukuyo, choncho bodza limatha kudutsa: pepala la Andrew Wakefield lonena za katemera linatuluka mu magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 1998, n'kudzachotsedwa mu 2010.

Pa arXiv, nkhokwe ya pa intaneti yomwe ofufuza amaikamo okha mapepala awo, yomwe inayamba mu 1991, pepala limaonekera m'masiku ochepa, lisanaweruzidwe. N'zachangu, koma pa nkhani za mankhwala ine ndimadikira oweruza.